Ndalama za mjigo zashota K143,500, ndikanene chani kukomiti?

"Bambo, ndine msungichuma wa komiti ya mjigo kwathu kuno mbali ya Tsangano ku Ntcheu. Mjigo wafa, amekaniki akufuna K330,000. Kope likuti tili ndi K412,000 koma nditawerenga ndapeza K268,500 basi. Zina ndikudziwa komwe zinapita, zina ndinagwirako ndekha mwana atadwala. A tcheya akuti Loweruka ndikapereke lipoti lolemba pamaso pa komiti ndi amfumu. Tulo sindikuona. Ndilembe bwanji? Zithunzi za kope ndi mamesiji ndatumiza."

Mayi wa ku Tsangano

Mayi, pepani kwambiri, ndipo mtima ukhale m'malo kaye. Ine ndakhala zaka zambiri ndikuona makope a makomiti a mijigo, makalabu a alimi ndi magulu a kutchalitchi kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndiye ndikuuzeni zoona, nkhani yanuyi ndi yokonzeka. Amene amandivuta ine ndi uja amati kope linanyowa ndi mvula, kapena linadyedwa ndi chiswe. Inu kope mwasunga, mamesiji simunafufute, ndipo mwanena nokha kuti penapake munagwirako. Ntchito yayikulu mwaigwira kale pamenepo.

Chomwe ndikufuna mumvetse ndi ichi, Loweruka musakapite ndi nambala imodzi. Mukangoimirira nkunena kuti "ndalama zashota K143,500" basi, aliyense wakhala pamphasapo amva kuti mayi uja wadya K143,500, ndipo zomwe munganene pambuyo pake palibenso azimvetsera, azingoona chitenje chomwe mwavala nkumawerengera m'mutu kuti chinagulidwa ndi ndalama yamjigo. Pomwe ine nditakhala pansi ndi zithunzi zanu usiku wathawu ndaona kuti ndalama imeneyi si mtundu umodzi ayi. Ndi nkhani zisanu ndi imodzi zosiyana zomwe zaunjikana pamodzi, ndipo iliyonse ili ndi mwini wake. Lipoti labwino ntchito yake ndi kumasula mtolowo kuti nkhuni iliyonse ioneke payokha.

Tiyeni tiyambe ndi masamu a kope, chifukwa amenewo ndi amene akaime pamwamba pa pepala lanu. Chaka chatha mwezi wa Juni mutatseka munatsala ndi K96,000. Kuyambira Julayi mpaka Juni wathayu kope likuonetsa kuti mabanja asonkha K438,000. Zonse pamodzi K534,000. Zotuluka zomwe zili ndi malisiti, zija mwazisunga m'kajumbo ka shuga zija, ndaphatikiza zakwana K122,000. Mukachotsa mutsala K412,000, ndiye kuphatikiza kwanu kuli bwino, vuto silili pa kuwonkhetsa. Izi ndimayamba nazo nthawi zonse chifukwa ndinaonapo bambo wina wa kalabu ya alimi cha ku Linthipe amene anavomera shoti yonse pamaso pa anthu chifukwa cha manyazi, anagulitsa mbuzi ziwiri ndi njinga, kenako patatha miyezi itatu titaona kope bwinobwino tinapeza kuti tsamba limodzi analiwonkhetsa kawiri, posamutsa nambala kuchoka pansi pa tsamba kupita pamwamba pa linzake. Mbuzi zinali zitapita kale ku Chimbiya, ndipo dzina lake linali litaipa kale m'mudzi. Mpaka lero zimandipweteka. Ndiye inunso musanalembe chilichonse pezani munthu wina, kaya mphunzitsi kaya mwana wa sekondale, awonkhetsenso kope lonse ndi kakyuleta ya pafoni inu muli chete pambali.

Tsopano zisanu ndi chimodzi zija. Pali K45,000 yomwe a tcheya anabwera kudzatenga tsiku la maliro a gogo aja mu Febuluwale, munalemba ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba kuti "maliro, a tcheya" koma simunaichotse pa balansi. Pali K28,000 yomwe munapatsa amekaniki mu Novembala posintha mphira ndi mabushi, lisiti palibe koma mesiji yawo yoti "ndalandira mayi" ilipo. Pali K18,000 ya mabanja asanu ndi anayi omwe munawachonga kuti alipira miyezi inayi, K500 pamwezi, pomwe anangolonjeza kuti apereka akagulitsa mbatatesi. Pali K6,500 yomwe inadulidwa potumiza ndi potapa ndalama pa Mpamba chaka chonse, ndawerenga m'mamesiji. Pali K40,000 yomwe munatenga inu. Ndiye patsala K6,000 yomwe ine sindikuiona paliponse, ndipo ndikukhulupirira inunso simukuidziwa.

Taonani mmene nkhani yasinthira. K28,000 ndi K6,500, pamodzi K34,500, si ndalama yosowa konse, inagwira ntchito ya mjigo, chomwe chinasowa ndi pepala. Imeneyi palibe woti abweze, mukungopempha komiti ivomereze kuti ilembedwe m'kope ngati zotuluka. K18,000 ija siinafike nkomwe m'manja mwanu, ndi ngongole ya mabanja aja, cholakwa chanu ndi kuchonga ndalama musanaigwire. K45,000 inatuluka m'manja mwanu inde koma molamulidwa. Zanu zenizeni ndi K40,000, ndipo ine malangizo anga ndi akuti K6,000 yosadziwika ijanso muisenze, musalimbane nayo. Ena anganene kuti bwanji mubweze chomwe simunadye, koma msungichuma ndi amene amayankha pa ndalama yomwe sangathe kuilongosola, ndipo mukayamba kukangana pa K6,000 mutaya chikhulupiriro chomwe mukufunika pa zikuluzikulu zija. Ndiye katundu wanu ndi K46,000, osati K143,500.

Ndikhalitse pang'ono pa K40,000 yanuyo chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amaterereka polemba. Mtima umafuna kuibisa pakati pa zinazo, kapena kuipatsa dzina lofewa, "ndinabwereka", "ndinasuntha kaye". Mayi, kubwereka kumakhala ndi wobwereketsa. Ngati komiti siinakhale pansi nkuvomera, simunabwereke, munatenga popanda chilolezo, ndipo mawu amenewo ndi amene mulembe. Ndikudziwa kuti akuwawa. Koma m'mudzi mulibe chinsinsi, anthu anakuonani mukukwera kabaza ndi mwana kumsana, ena akudziwa kale kuti sabata imeneyo munalibe ndalama, ndiye mukanena mozungulira pali wina adzaimirira nkukufunsani funso lolunjika, ndipo chinthu chomwecho chomwe mukananena nokha ngati kuulula chidzatuluka ngati kugwidwa. Chifukwa chake chitchuleni kamodzi, chiganizo chimodzi, mwana anadwala ndipo ndinalibe kolowera. Musatambasule za malungo ndi madiripi ndi usiku womwe munachezera kuchipatala, amayi anzanu akudziwa kale ululu umenewo, mukautambasula ziyamba kumveka ngati mukugula chisoni.

Ndikuuzeninso mbali ya malamulo kuti musapite mutatseka maso. Malamulo a dziko lino pa nkhani ya kuba amati munthu akagwiritsa ntchito ndalama za eni mwa kufuna kwake, ngakhale anali ndi maganizo obweza pambuyo pake, ukhoza kukhalabe mlandu wakuba. Ndiye mawu oti "ndimati ndibweza" pawokha sakutetezani. Chomwe chimathandiza kwenikweni ndi kuulula nokha msanga, kubwera ndi kena kake m'manja, ndi kukhala ndi ndondomeko yomwe komiti yavomera nkulemba m'maminitsi. Nkhani za msinkhu uwu zomwe ine ndaziona zambiri zimathera pa bwalo la amfumu, chifukwa chomwe anthu akufuna ndi madzi, osati kuti mayi wa m'mudzi mwawo akagone kupolisi. Koma dziwani kuti pepala lomwe musaine ndi umboni. Nchifukwa chake ndikukakamira kuti muvomere zanu zokha, ndendende, osachepetsa komanso osawonjezera. Wina akakubweretserani pepala lolemba kale loti "ine ndadya K143,500 ndipo ndibweza", musasaine, musadinde chala, ngakhale anthu akuwowoza bwanji. Nenani mwaulemu kuti lipoti langa ndi ili, ndisaina pa limeneli.

Nkhani ya a tcheya ndi yofunika nzeru. Musakawadzidzimutse pagulu. Pitani kwawo mawa kapena mkuja, mutenge mlembi, muwauze kuti bambo, mu lipoti muja ndilembamo K45,000 ya maliro ija, ndiye ndimati mudziwiretu. Anthu ambiri akauzidwa kumbali amavomera, chifukwa ndalamayo sanadye, inagula ufa ndi matabwa a bokosi mudzi wonse ukuona. Amene amakana ndi amene wamva dzina lake koyamba pamaso pa amfumu. Polemba musati "a tcheya anatenga", lembani tsiku, ndalama, ntchito yomwe inagwira, ndi amene analipo pomwe mumapereka. Munandiuza m'mesiji kuti mayi wina woyandikana nanu nyumba analipo akusenda mbatatesi pakhonde panu, ameneyo ndi mboni, mufunseni ngati angalole kutchulidwa. A tcheya akakana ndithu kuti sakudziwapo kanthu, musakangane nawo pakhomo pawo, lembanibe zoona zanu, ndipo musanafike Loweruka kawadziwitseni amfumu kuti pali mfundo imodzi yomwe simukugwirizana.

Amekaniki apezeni sabata yomweyi alembe kapepala. Koma chonde kalembedwe ndi deti la tsiku lomwe akulembalo, kuti "ine ndikutsimikiza kuti mu Novembala ndinalandira K28,000 posintha zakutizakuti pa mjigo wa mudzi wakuti", asaine. Musawapemphe lisiti yobweza deti m'mbuyo, ndipo musayerekeze kukagula buku la malisiti ku Lizulu nkumadzaza nokha usiku. Zimaoneka. Lisiti ya Novembala yomwe yakhala m'jumbo miyezi isanu ndi iwiri imakhala yopindika, yothimbirira, ina imakhala ndi fungo la utsi, ndiye ikatuluka yoyera bwino, inki yonyezimira, ndi bolopeni yofanana ndi yomwe yalemba lipoti, munthu ngati ine ndimaona ndisanawerenge nkomwe. Pamenepo shoti ya K40,000 yasanduka nkhani yachinyengo, yomwe ndi yolemera kuposa. Chimodzimodzi kope, musafufute kanthu, musang'ambe tsamba, machongi a mabanja asanu ndi anayi aja asiyeni momwemo. Kukonza kumachitika pa tsamba latsopano komiti itavomera.

Chinanso chichitike msonkhano usanayambe, ndalama iwerengedwe ndi anthu awiri osakhala inu, alembe kuti ma K5,000 alipo angati, ma K2,000 angati, mpaka ma K50, ndi zomwe zili pafoni aone okha balansi, asaine onse. Kenako ndalamayo isabwererenso kunyumba kwanu.

Nali tsono lipoti lenilenilo mmene ine ndingalilembere. Chichewa chake chikhale chaulemu ndi chouma, si malo a miyambi. Musinthe pomwe ndalakwitsa.

"Kwa a Wapampando, a Mlembi ndi mamembala a komiti ya mjigo, pamaso pa Amfumu.

Lipoti la msungichuma pa kuperewera kwa ndalama, Julayi chaka chatha mpaka Juni chaka chino.

Malinga ndi kope, thumba la mjigo liyenera kukhala ndi K412,000. Ndalama yomwe yawerengedwa lero ndi mamembala awiri ndi K268,500. Kusiyana kwake ndi K143,500. Ndikufotokoza kusiyanaku motere.

Choyamba, mwezi wa Epulo ndinatenga K40,000 m'thumba la mjigo popanda chilolezo cha komiti, mwana wanga atadwala. Ndinalakwa ndipo ndikupepesa kwa komiti ndi kwa mudzi wonse. Palinso K6,000 yomwe ndalephera kupeza komwe inapita. Monga msungichuma ndikuisenza. Zonse zomwe ndibweze ine ndi K46,000.

Chachiwiri, K28,000 inaperekedwa kwa amekaniki mu Novembala pa ntchito yokonza mjigo, ndipo K6,500 inadulidwa potumiza ndi potapa ndalama pafoni. Sindinazilembe m'kope pa nthawi yake. Kalata ya amekaniki ndi mndandanda wa mamesiji ndaziphatikiza ku lipotili. Ndikupempha komiti ivomereze kuti K34,500 imeneyi ilembedwe ngati zotuluka.

Chachitatu, mabanja asanu ndi anayi ndinawalemba kuti alipira miyezi inayi asanapereke ndalama. Ndi K18,000. Mayina ndapereka kwa a Mlembi.

Chachinayi, mu Febuluwale K45,000 inaperekedwa kudzera kwa a Wapampando kukathandiza pa maliro a m'mudzi muno. Komiti siinakhale pansi pa nkhaniyi ndipo palibe chomwe chinasainidwa.

Ndikupempha komiti iganizire njira izi. Ine ndapereka K16,000 lero, ndipo ndipereka K10,000 pa 31 Julayi, K10,000 pa 31 Ogasiti ndi K10,000 pa 30 Seputembala, kwa a Mlembi pamaso pa membala mmodzi, ndikulandira lisiti. Mabanja asanu ndi anayi apereke K2,000 lililonse pasanathe masabata awiri. Pa K45,000 ya maliro, komiti ndi Amfumu agamule, koma maganizo anga ndi akuti mabanja 90 omwe amatunga pa mjigowu asonkhe K500 lililonse kamodzi kokha. Zonsezi zikachitika thumba lidzakhala ndi K377,500.

Kope, malisiti ndi ndalama ndazipereka m'manja mwa komiti. Ndili wokonzeka kutula pansi udindo kapena kuima kaye ngati komiti yaona choncho."

Pansi pake dzina lanu, deti, siginecha, ndi malo oti a tcheya ndi mlembi asaine kuti alandira. Lembani mapepala atatu ofanana, kapena mukafotokope pa tredingi senta, limodzi la komiti, limodzi la amfumu, limodzi lanu. Lanulo mulisunge ngati mmene mumasungira chiphaso.

Mwina mwadabwa kuti ndayamba ndi cholakwa chanu m'malo moyamba ndi zopepuka zija. Ndachita dala. Mukayamba ndi amekaniki, kenako matchaji a foni, kenako mabanja osalipira, anthu amamva ngati mukuloza zala uku ndi uku, ndipo akamafika pa K40,000 amakhala atakwiya kale nkumati eya, tinadziwa, amasunga kumapeto. Koma mukayamba ndi zanu, zotsatirazo amazimva ngati zoona, poti munthu amene wadzinenera yekha choipa alibe chifukwa chonamira pa K6,500. Mayina a mabanja aja ndawachotsa m'lipoti dala, musawawerenge pagulu, mukachita manyazi anthu asanu ndi anayi nthawi imodzi mwadzipangira adani asanu ndi anayi pa tsiku lomwe mukufuna abwenzi. Pitani m'makomo mwawo Lachinayi kapena Lachisanu, ena apereka Loweruka lisanafike ndipo nambala yanu itsika.

Za ndondomeko yobweza, apa ndi pomwe mudzifunse mwachilungamo. Ine ndaika K16,000 ya tsiku lomwelo chifukwa munati muli ndi nkhuku zingapo ndi thumba la nyemba. Kubwera ndi ndalama m'manja, ngakhale yochepa, kumasintha mpweya wa msonkhano kuposa mawu ena aliwonse. Koma ma K10,000 enawo muwaike pa madeti omwe mukudziwa kuti ndalama imalowa pakhomo panu, ngati mbatatesi ndi kabichi wa kudimba mumagulitsa mochedwerapo ndiye sunthani madetiwo, ndi bwino kunena miyezi isanu nkukwanitsa kusiyana ndi kunena iwiri nkuphonya. Gawo loyamba mukaliphonya ndi tsiku limodzi lokha, anthu amaiwala kupepesa konse kuja. Ndipo mawu ngati "posachedwa", "Mulungu akalola", "ndikapeza" asapezeke pa pepalalo, komiti singalembe "ndikapeza" m'maminitsi. Tsiku lina zikadzavuta ndithu, mukanene kwa mlembi deti lisanakwane, osati litadutsa.

Katapila ayi mayi, ayi ndithu. Ndikudziwa maganizo amenewo akubwerani usiku, kuti ndingokatenga K143,500 kwa uje ndiike m'chitini Loweruka zioneke zokwana, nkhani ithe. Mukatero mwalipira maliro a mudzi wonse, mwalipira ngongole za mabanja asanu ndi anayi, mwalipiranso kachiwiri amekaniki, zonsezo ndi ndalama yomwe ikubereka mwezi ndi mwezi, ndipo pofika nthawi yogula feteleza mudzakhala mukupinyolitsa munda. Ngakhale kubanki m'khonde, ngati mukufuna kutengako, tengani yochepa yomwe ikukhudza K46,000 yanuyo basi, ndipo bambo akunyumba kapena achimwene anu adziwe. Komiti ikapempha chikole, mbuzi kapena njinga zikhoza kutchulidwa, koma munda ndi nyumba musazitchule, ndi za banja, si za inu nokha.

Funso lomwe anthu adzafunse mokweza si la kope, ndi loti nanga mjigo ukonzedwa liti, chifukwa m'mawa uliwonse ndi chisanu cha Julayi cha ku Tsanganocho amayi akutsikira kudambo ndi zidebe. Mukhale ndi yankho. Zomwe zilipo K268,500, kuphatikiza K16,000 yanu ndi K284,500. Mabanja aja akapereka ifika K302,500. Ya maliro ikasonkhedwa ifika K347,500, yomwe yadutsa K330,000 ya amekaniki. Kutanthauza kuti mjigo ukhoza kukonzedwa m'masabata awiri kapena atatu osadikira kuti inu mumalize kubweza. Muwauzenso amekaniki alembe mtengo wa chipangizo chilichonse padera ndi wa ntchito yawo padera, mapaipi angati, ndodo zingati, chifukwa nthawi zina zipangizo zikhoza kugulidwa ndi zomwe zilipo kale, ya ntchito nkumalizitsa pambuyo. Ndipo musachedwe nazo, mitengo ya zipangizo za mjigo siimaima, tonse tinaona kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mmene makomiti omwe ankati ali ndi ndalama yokwanira anadzukira ili yosakwana ngakhale palibe anagwirapo.

Pa K500 ya maliro ija yembekezerani phokoso. Wina adzati ife tinasonkha kale ufa ndi nkhuni pa maliro amenewo, bwanji tisonkhenso. Ali ndi mfundo. Nchifukwa chake ndalemba kuti agamule ndi komiti ndi amfumu, inu mwangopereka maganizo. Akhoza kusankha kuti banja loferedwa libweze pang'onopang'ono, kapena kuti ingokhululukidwa, zonsezo ndi zawo, chachikulu chilembedwe m'maminitsi kuti chagamulidwa ndi chakuti. Akaikhululukira ndiye kuti thumba likathera pa K332,500 inu mutamaliza kubweza, ndipo mjigo udikira mpaka Seputembala pokhapokha amekaniki atalola kulandira ya ntchito mochedwa, zimenezo muwauze poyera kuti asankhe akudziwa.

Akakufunsani kuti nanga titani kuti zisadzachitikenso, musalonjeze kuti ndidzasamala, tchulani zinthu zogwirika. Ndalama isatuluke popanda kapepala kosainidwa ndi anthu awiri, ngakhale pa maliro, ngakhale abwere ndi amfumu amene. Banja lichongedwe ndalama ili m'manja. Ndalama ya mjigo isakhale pa nambala ya foni yomwe mumagulirapo mayunitsi ndi kulandirirapo za ana a kutauni, chifukwa K6,000 yosadziwika ija ine ndikuganiza inathera mmenemo kapena pa chenji cha tsiku lotolera. Ndipo mwezi uliwonse anthu awiri awerenge ndalama nkufananitsa ndi kope, ndi ntchito ya mphindi khumi. Komiti yanu ikanamachita zimenezi, K45,000 ikanaoneka mu Malichi, ndipo mwina mu Epulo dzanja lanu silikanalowa m'chitini podziwa kuti pakutha pa mwezi kuli kuwerenga. Izi sindikunena kuti muzikawaponyera mlandu anzanu, koma komiti yomwe yatha chaka osawerenga ndalama nayonso ili ndi pokonza.

Za udindo, ine ndingakonde muupereke nokha mmene ndalembera kumapeto kwa lipoti. Akakuuzani kuti imani kaye mpaka mumalize kubweza, landirani, si chipongwe, ndi mmene ziyenera kukhalira. Mukamapereka kope ndi ndalama kwa wolowa m'malo, pakhale pepala lonena zomwe mwapereka, nonse musaine.

Pali nthawi zomwe simuyenera kupita nokha. Ngati mwamva kuti ena akukamba zopita kupolisi, kapena mwaitanidwa kale, kaonaneni ndi a ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, aja timati a Ligo Edi, kapena maparaligo, musanasaine pepala lililonse, ngakhale lipoti lomwe ndakulemberanili muwaonetse kaye. Ngati a tcheya akana za K45,000 ndipo komiti yagawikana, pemphani kuti mlangizi wa zamadzi wochokera kukhonsolo kapena mlangizi wa chitukuko wa dera lanu abwere adzaone kope ngati munthu wapadera, komanso nkhani ikhoza kukwera kwa a gulupu. Ngati wina akuopsezani kuti akulandani katundu kapena akuphwasulirani nyumba, kanene kwa amfumu ndi kupolisi tsiku lomwelo, ngongole siipatsa munthu ufulu wolanda. Ndipo za tulo zija, ngati maganizo afika poti mukuona ngati kuli bwino kungochoka pa dziko, musakhale nawo nokha ngakhale usiku umodzi, uzani mchemwali wanu, abusa kapena a zaumoyo pa chipatala chapafupi. K46,000 ndi ndalama yomwe mumaliza kubweza chaka chino chisanathe, mwana uja akukufunani.

Loweruka mulawire, mutenge munthu mmodzi wa kubanja akakhale pambali panu koma mumuuze asakayankhe m'malo mwanu. Lipoti muliwerenge lonse mmene lalembedwera, pang'onopang'ono, wina akakudulani nenani kuti ndiloleni ndimalize kenako ndiyankha. Mukamaliza ikani K16,000 pa tebulo, mlembi awerenge alembe lisiti, ndipo musachoke pamalopo maminitsi asanawerengedwe mokweza kuti mumve ngati nambala yomwe yalembedwa pa dzina lanu ndi K46,000. Mukabwerako munditumizire chithunzi cha maminitsiwo ndiwaone.